Madzi Ali pa Mbaula, a Kalaliki Ali Pamsewu

Linali Lachiwiri ngati Lachiwiri lililonse. Mesenjala anali atatuluka, ndiye a Kalaliki ananyamula okha mafayilo asanu ndi limodzi kukasiya kwa abwana pansanjika yachitatu. Atafika pansanjika yachiwiri anaima, dzanja lili pakhoma. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, malaya atanyowa kumsana, mpweya ukuperewera. Mtsikana wina amene anali atangoyamba kumene ntchito anawapitirira akudumpha masitepe awiriawiri, kenaka anacheuka n'kubwerera.

"Bambo, ndikunyamulireniko?"

Anamupatsa mafayilowo. Anali ndi zaka 44 zokha.

Mkuluyu sindimutchula dzina chifukwa nkhani yake ndayiluka kuchokera pa zimene zimachitikira anthu ambiri a m'maofesi mwathu. Koma kafukufuku amene ndimutchule ndi weniweni, ndipo njira imene a Kalaliki anayenda ndi imene munthu aliyense wa padesiki angathe kuiyenda. Chimene ndikufuna tione bwinobwino ndi ichi: n'chifukwa chiyani anagwa kawiri, nanga kachitatu chinasintha n'chiyani?

Maola 13 pampando

A Kalaliki amakhala ku Chilomoni ndipo amagwira ntchito ku Limbe. Kwa zaka 19 tsiku lawo linkayenda mofanana. Minibasi yoyamba yokafika m'tauni, yachiwiri yopita ku Limbe, madzulo chimodzimodzi: ola limodzi ndi theka ali chikhalire. Padesiki maola asanu ndi atatu, akulemba m'marejisitala ndi pakompyuta. Masana nsima ankadyera pabenchi, ola lathunthu. Kunyumba akafika, mpando wa pabalaza unkawalandira mpaka nthawi yogona. Mukawonkhetsa, akukwana maola 13 kapena kuposerapo. Sanali munthu waulesi. Ntchito yawo ankaigwira mokhulupirika, kungoti ntchitoyo inkafuna mutu ndi zala basi.

Thupi limasunga zimene likugwiritsa ntchito, n'kumachepetsa zimene zikungokhala. Minofu ikuluikulu ya m'ntchafu ndi m'matako ndi imene imamwa shuga wambiri wochokera m'chakudya. Ikakhala tsiku lonse osagwira kanthu, shuga amachedwa kuchoka m'magazi, ndipo patapita zaka thupi limayamba kuvutika kumuwongolera. Akatumba a kumiyendo ali ndi ntchito inanso: munthu akamayenda amafinya mitsempha n'kukankhira magazi m'mwamba kubwerera kumtima. N'chifukwa chake masokosi a a Kalaliki ankasiya mzere pakakolo pofika madzulo. Nawo mtima ndi mnofu. Ukazolowera ntchito yochepa, umatulutsa magazi ochepa pa kugunda kumodzi, ndiye ukakumana ndi masitepe umangochulukitsa kugunda. Wefuwefu wa pansanjika yachiwiri uja anachokera pamenepo.

Amene anayamba kuonetsa zimenezi ndi manambala anali dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris. Mu 1953 iye ndi anzake anatulutsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zotsatira za kafukufuku wa amuna oposa 30,000 ogwira ntchito m'mabasi a ku London. Mabasiwo anali osanjikiza. Dalaivala ankakhala pampando tsiku lonse, pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe akutolera ndalama. Matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala, ndipo akawagwira ankawapha msanga kuposa makondakitala. Morris anayang'ananso ogwira ntchito ku positi ndipo anapeza zofanana: operekera makalata wapansi kapena panjinga anali ndi mitima yolimba kuposa makalaliki ndi olumikiza matelefoni amene ankangokhala. Choncho kalaliki ali m'nkhani imeneyi kuyambira pachiyambi pake.

Mlungu womwewo, mayi a kunyumba anawakakamiza a Kalaliki kupita kukayezetsa. Makina anaonetsa 150 pa 94. Adokotala anawauza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri, chifukwa kuyeza kumodzi sikukwanira kugamula. Atabwerera, manambala sanasunthe kwenikweni. Malire amene achipatala amayambira kunena kuti magazi akuthamanga kwambiri ndi 140 pa 90. Sanali okha: kafukufuku wa dziko lonse amene boma la Malawi linachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vutoli, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe. Adokotala anawauza zinthu ziwiri: achepetse mchere, ndipo ayambe kuyendetsa thupi.

Kugwa koyamba ndi kwachiwiri

Anayamba mu Januwale, ndi mtima wonse. Anagula nsapato zothamangira pa kaunjika, anadzuka 4 koloko, n'kuthamanga mpaka pamene miyendo inakana. Tsiku lotsatira anabwereza. Lachitatu m'mawa analephera kutsika pakhonde osagwira chipilala. Ntchafu zinali ngati zamenyedwa ndi ndodo, ndipo kukwera minibasi kunali nkhondo. Lachinayi kunagwa mvula, ndipo mumtima anaithokoza. Nsapato zija zinalowa kunsi kwa bedi.

Ululu umenewu uli ndi chifukwa chake. Mnofu ukagwira ntchito imene sunazolowere, timinyewa take timang'ambika pang'onopang'ono, ndipo thupi likamakonza pamakhala kutupa ndi kuwawa. Sikuyamba nthawi yomweyo. Kumafika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, kenaka kumatha kokha mkati mwa mlungu. Kutsetsereka ndiko kumabweretsa kwambiri ululuwu, ndipo ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, munthu sangathamange patali osakumana ndi chitunda ndi mtsetse. Palinso china: mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'milungu yochepa, koma minyewa yolumikiza minofu ndi mafupa pa bondo ndi pachidendene imatenga miyezi. Munthu amene wakhala pampando zaka 19 akayamba ndi kuthamanga, amasenzetsa mawondo katundu amene sanakonzekere.

Koma chachikulu chimene chinawonongeka sichinali mwendo. Mutu wawo unaphunzira phunziro limodzi: kudzuka m'mawa kukachita majowajowa kumatanthauza tulo tochepa ndi ululu. Munthu sabwerera mwaufulu kumene anapwetekako.

Mu Febuluwale anayesanso, ulendo uno mofatsa. Anati aziyenda akaweruka, "ndikapeza mpata". Mpatawo unapezeka kanayi mwezi wonse. Tsiku lina malipoti a kutha kwa mwezi anawatulutsa mu ofesi kutada. Tsiku lina minibasi zinavuta. Tsiku lina kunali msonkhano wa kumpingo, lina mlendo. Palibe tsiku limene anakana kuyenda. Ankangonena kuti mawa. Vuto la mawu oti "ndikapeza mpata" ndi lakuti tsiku lililonse munthu amayenera kugamula mwatsopano, ndipo amagamula pa nthawi imene watopa kale.

Mphindi khumi ndi mbaula

Kumayambiriro kwa Epulo, mvula itayamba kukata, mayi a kunyumba ndi amene anaona mpata umene unalipo kale. M'mawa uliwonse a Kalaliki ankadzuka hafu pasiti 5, kukoleza mbaula pakhonde, kutereka madzi osamba, kenaka kukhala pampando n'kumayang'ana foni podikira kuti atenthe.

"Abambo, madziwa sathawa. Ine ndilipo ndiwayang'anira. Bwanji muzikafika pa mjigo paja n'kubwerako?"

Pa mjigo panali mtunda wa mphindi zisanu. Kupita ndi kubwera, mphindi khumi. A Kalaliki anaona ngati n'zachibwana, koma anapita. Atabwerera madzi anali atatentha, thupi silinawawe paliponse, ndipo kuntchito sanachedwe.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ulendo uno sanafunefune nthawi. Anamangirira chinthu chatsopano pa chinthu chakale chimene sichilephereka. Madzi osamba amaterekedwa tsiku lililonse, kaya munthu wakondwa kaya wakhumudwa. Ndiye lamulo linakhala lalifupi: ndikatereka madzi, ndivala nsapato n'kutuluka pageti. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anaiyesa njira imeneyi kambirimbiri. Mmodzi wa iwo, Peter Gollwitzer wa ku Germany, anaonetsa kuti munthu amene waneneratu kuti adzachita chinthu liti, kuti, ndiponso chikangochitika chiyani, amachichitadi kawirikawiri kuposa amene wangotsimikiza mumtima kuti adzachita. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: chigamulo chimapangidwa kamodzi, pasadakhale, ndipo m'mawa sipakhalanso zokambirana.

M'mawa mulibe mankhwala apadera. Mphindi 30 za madzulo zimalimbitsa mtima mofanana ndi za m'mawa. Ubwino wa m'mawa kwa kalaliki ndi wakuti ndi nthawi yokhayo imene abwana, minibasi ndi alendo sanayambe kuilanda. Komanso thukuta limathera m'madzi osamba omwe aja, osafuna kusamba kawiri.

Anachitanso kanthu kena kakang'ono. Usiku uliwonse asanagone ankaika nsapato, masokosi ndi juzi pampando wa pakhonde uja, pamene kale ankakhalapo ndi foni. Kuti akhale pansi, ankayenera kuchotsa kaye nsapatozo, ndipo munthu amene wanyamula kale nsapato m'manja savutika kuzivala. Foni inkatsala kuchipinda.

Kukwera makwerero

Cholinga chimene a WHO amapereka kwa munthu wamkulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za kuyendetsa thupi mwa mphamvu yapakatikati, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kasanu pa mlungu. A Kalaliki anayambira pa 50, ndipo anatenga miyezi iwiri kuti afike pa 150.

Milungu iwiri yoyamba anayenda mphindi khumi, Lolemba mpaka Lachisanu. Panali masiku amene thupi linkafuna kupitirira, koma ankabwerera pa mjigo pomwepo. Kubwerera usanatope n'kofunika, chifukwa mawa umatuluka ukukumbukira kuti dzulo zinali zopepuka. Mlungu wachitatu ndi wachinayi anafika pa golosale ya patsogolo pa mjigo, mphindi 15. Wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, mphindi 20. Kenaka 25. Pofika mlungu wachisanu ndi chinayi ankazungulira bwalo la sukulu n'kubwerera, mphindi 30 zathunthu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mphindi zikamawonjezeka, nthawi yodzuka inkasunthanso. Pofika pa mphindi 30 ankadzuka 10 pasiti 5. Apa ambiri amalakwitsa: amadula tulo m'mawa osabweza usiku. Munthu wamkulu amafunika maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo, ndipo tulo tikachepa kwa milungu ingapo, thupi limalanda lokha ngongole yake pa nthawi ya majowajowa ija. A Kalaliki anayamba kuzimitsa wailesi ya kanema nkhani za usiku zikangotha, kuti pofika 10 koloko akhale atagona.

Nanga mphamvu yapakatikati munthu amaidziwa bwanji popanda makina? Pali muyeso wa pakamwa. Ngati ukuyenda n'kumatha kuimba nyimbo ya kwaya bwinobwino, ukuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Ngati ukutha kulankhula chiganizo chathunthu koma kuimba kukukanika, wafika pamene pakufunika. Ngati ukungotulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, wapyola, ndipo kwa woyamba kumene ndi bwino kubweza moto. Kwa anthu ambiri liwiro loyenerali limakhala pafupifupi mapazi 100 pa mphindi imodzi, monga amayendera munthu amene wachedwa pang'ono ku tchalitchi. Mphindi zitatu zoyamba ndi ziwiri zomaliza a Kalaliki ankayenda mofatsa, kuti thupi litenthe kaye ndiponso lizizire bwino.

Pamsewu ankayenda mbali ya kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto, kuti aziona chimene chikubwera. Ankavala malaya oyera kuti a njinga zamoto awaone kukadali chisisira. Njira ina yachidule anaisiya chifukwa cha agalu a pa nyumba ina amene ankamasulidwa usiku.

Chiperoni, maliro ndi malungo

Chizolowezi chimayesedwa pa tsiku loipa. Loyamba linafika mu Juni. Dzuwa limene mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, nyengo yozizira limadikira mpaka cha m'ma 6. Ndiye a Kalaliki ankadzuka kuli mdima, ndipo m'mawa wina anapeza chiperoni chitakuta Michiru yense, kamvula kowaza kakulowa mpaka pakhonde. Anatereka madzi n'kuima pakhomo nsapato zili m'manja.

Tsiku limenelo anapanga lamulo lachiwiri, limene linapulumutsa loyamba: kukavuta, mphindi zisanu zokha. Anavala nsapato, n'kuyamba kuguba pakhonde pomwepo, kukwera ndi kutsika sitepe ya pakhomo, mpaka mphindi zisanu zinakwana. Pa za mtima, mphindi zisanu n'zochepa. Koma chimene ankateteza tsiku limenelo sunali mtima. Ankateteza mfundo imene inamanga madzi a pa mbaula ndi nsapato. Ndipo kawirikawiri, akangoyamba, thupi linkatentha n'kupezeka kuti watuluka pageti ndithu.

Kumapeto kwa mwezi womwewo kunagwa maliro a malume awo ku Ntcheu. Anakhalako masiku asanu, akugona panja pa moto ndi amuna anzawo. Atabwerera, maganizo akale anafika: zawonongeka, tidzayambiranso zinthu zikakhala bwino. Maganizo amenewa ndi amene amapha zizolowezi zambiri, ndipo kafukufuku amawatsutsa. Phillippa Lally ndi anzake a pa yunivesite ina ya ku London anatsatira anthu 96 kwa milungu 12, aliyense akuyesa kuzolowera chinthu chimodzi chatsopano tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunabweze munthu m'mbuyo kwenikweni. Anapezanso kuti nthawi yofika poti chinthu chizingochitika chokha imasiyana kwambiri: ena masiku 18, ena mpaka 254, ndipo wapakatikati anali masiku 66. Zolimbitsa thupi zinkachedwerapo kuyerekeza ndi zopepuka monga kumwa kapu ya madzi. Ndiye zimene anthu amakonda kunena, zoti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21, zimangofooketsa munthu amene wafika tsiku la 30 akulimbanabe ndi bulangeti.

Masiku asanu si tsiku limodzi, n'zoona. Koma mbaula inali pomwepo, madzi anafunika kuterekedwa, ndipo mayi anali ataika kale nsapato pampando. A Kalaliki anayenda mphindi 15 m'mawa woyamba, 20 wachiwiri, ndipo pofika Lolemba anali atabwerera pa 30. Anaphunzira kuti chofunika si kusaphonya, koma kudziwiratu kuti ukaphonya ubwerera bwanji: m'mawa woyamba umene uli pakhomo, ndi theka la mlingo wako.

Mu Janyuwale wotsatira anadwala malungo. Apa lamulo ndi lina. Thupi likatentha, munthu sayenera kuchita majowajowa ngakhale a mphindi zisanu, chifukwa mtima umakhala ukugwira kale ntchito yaikulu ndipo madzi m'thupi amakhala ochepa. Anamaliza mankhwala onse, anadikira kuti chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zibwerere, ndipo anayambiranso pa mjigo paja, mphindi khumi. Zinawatengera milungu iwiri kuti afikenso ku bwalo la sukulu.

Mpando womwewo usanduka chida

Kuyenda kumalimbitsa mtima, koma sikubwezeretsa mphamvu zonse zimene mpando unadya. Mu Ogasiti, kuyenda kutakhazikika, a Kalaliki anawonjezera zinthu zinayi Lachiwiri ndi Lachisanu, akangobwera koyenda thupi likadali lotentha. Zonse pamodzi zinkatenga mphindi khumi.

Choyamba, kukhala ndi kuimirira pa mpando wa pakhonde osagwira ndi manja, kakhumi, akutsika pang'onopang'ono osadzigwetsa. Chachiwiri, kuima motalikira khoma pang'ono, manja pakhoma, kupinda zigongono mpaka chifuwa chiyandikire, n'kudzikankha, kakhumi. Chachitatu, kunyanyamphira pa zala za kumapazi n'kutsika, ka 15, atagwira chipilala. Chachinayi, kugona chagada pa mkeka mawondo atapinda, kukweza chiuno m'mwamba, kuwerenga mpaka katatu, n'kutsitsa, kakhumi. Chomalizachi chimadzutsa minofu ya m'matako imene imagona munthu akakhalitsa, ndipo ikadzuka imalandira katundu wina amene msana unkasenza wokha. Anayamba ndi ulendo umodzi wa chilichonse, patapita mwezi n'kumabwereza kawiri.

Adokotala anawachenjeza chinthu chimodzi pa zimenezi: asamagwire mpweya pokankha. Munthu akabanika dala n'kumakankha mwamphamvu, magazi amathamanga kwambiri kwa kanthawi, zimene si zabwino kwa amene manambala ake ndi okwera kale. Potulutsa mphamvu, tulutsanso mpweya.

Anawauzanso kusiyanitsa ululu. Kuwawa kwa minofu kumene kwafalikira mbali zonse ziwiri n'kumachepa ukayamba kuyenda, n'kwachibadwa. Kubaya pa malo amodzi pa bondo kapena pachidendene, kumene kukukula ukamayenda kapena kwabwera ndi kutupa, kukutanthauza kuti upume n'kukaonetsa. Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira mawa: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, makamaka kukamafika kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, chizungulire, kukomoka, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro limene ukuyenda. Zikatero munthu aime pomwepo ndipo apite kuchipatala msanga. Amene ali kale ndi matenda a mtima, a shuga kapena a impso ayambe wakambirana ndi achipatala asanayambe n'komwe.

Zimene chaka chinabweretsa

A Kalaliki ndi munthu wa marejisitala, ndiye analemba. Pa kalendala ya pakhoma ankachonga tsiku lililonse limene atuluka, ndipo kamodzi pa mwezi, asanadzuke pabedi, ankaika zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, kuwerenga kugunda kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Mu Epulo woyamba anapeza 84 pa mphindi. Patatha chaka anapeza 72. Mtima unali utayamba kutulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye sunkafunikanso kuthamanga.

Sikelo sinasunthe kwambiri: makilogalamu atatu okha. Izi zimakhumudwitsa ambiri, koma n'zimene ziyenera kuyembekezeka. Mphamvu zimene munthu amawotcha poyenda mphindi 30 zikhoza kubwerera ndi botolo limodzi la zakumwa zotsekemera. Kuyenda kumasintha mtima, shuga, tulo ndi mphamvu za miyendo ngakhale sikelo itakana. Lamba yekha ndi amene anasuntha bowo limodzi, ndipo zimenezo zili ndi tanthauzo, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amayenderana kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima.

Kuthamanga kwa magazi kunatsika kufika pa 142 pa 89. Kwa anthu amene manambala awo ndi okwera, kuyendetsa thupi mokhazikika kumatsitsa nambala ya pamwamba ndi 5 mpaka 8, ndipo kuchepetsa mchere kumathandizirapo. Kwa a Kalaliki sizinakwane kuwatulutsa m'malire, ndipo adokotala anawayambitsa kapiritsi kamodzi patsiku. Poyamba anaona ngati alephera. Adokotala anawauza kuti kuyenda ndi mankhwala zimakoka ngolo imodzi, ndipo chimodzi sichichotsa chinzake. Anthu ena amasiya mapiritsi akangoyamba kumva bwino m'thupi, osadziwa kuti vutoli nthawi zambiri silipweteka paliponse mpaka tsiku limene laononga.

Panatsalanso maola aja a pampando. Mphindi 30 za m'mawa zimachepetsa kuipa kwa kukhalitsa, koma ndi bwino kumadulanso kukhalako. A Kalaliki anagwiritsa ntchito nzeru ya mbaula yomwe ija: akamaliza fayilo, amaimirira n'kukaibweza okha pa shelefu m'malo moziunjika padesiki. Foni ya mu ofesi ikalira, amayankha ataimirira. Masiku amene kunja kuli bwino, amatsika minibasi siteji imodzi asanafike.

Ndipo anapeza mnzawo. Aneba awo, mphunzitsi wopuma, anawaona akudutsa m'mawa uliwonse mpaka tsiku lina anawaimitsa pageti.

"Achimwene, kodi kumeneku mumapita kuti m'mamawa chonchi?"

"Kulibe kumene ndimapita, aphunzitsi. Ndimangokazungulira pa sukulu paja. Tiyeni mawa."

Kuyambira pamenepo, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pamakhala munthu woyembekeza pageti, ndipo n'kovuta kugona uku ukudziwa kuti mkulu mnzako waima panja pozizira. Koma taonani dongosolo lake: mnzawoyu anabwera chizolowezi chitamera kale mizu. Aphunzitsi akapita kukaona ana ku Zomba, a Kalaliki amayendabe, chifukwa chimene chimawatulutsa m'nyumba ndi madzi a pa mbaula.

Munthu amadziwa bwanji kuti chizolowezi chakhazikika? A Kalaliki anadziwira pa tsiku la tchuthi cha pa 6 Julayi. Usiku wake anali atanena kuti mawa agona mpaka dzuwa litakwera. M'mawa anadzidzimuka ali pafupi ndi golosale ija, nsapato kumapazi, juzi pathupi, osakumbukira kuti anagamula nthawi yanji zotuluka. Panali patatha miyezi itatu chiyambire. Kuyambira nthawi imeneyo, tsiku limene sanayende ndi limene limamveka lachilendo, ngati kuchoka panyumba osatsuka mkamwa.

Mu Epulo wachiwiri mesenjala anatulukanso, ndipo padesiki panali mafayilo opita pansanjika yachitatu. A Kalaliki anawanyamula. Pansanjika yachiwiri anakumana ndi mtsikana uja akutsika, ndipo anamupatsa moni wathunthu, kumufunsa za kunyumba ndi za mayi ake amene ankadwala, mapazi akukwerabe. Anafika pa chitseko cha abwana mpweya ulipo wokwanira kunena odi.